Mavocha 14 opanda malisiti: mmene tinailembera mu lipoti la oditi ndi zomwe mabwana anayankha

Bungwe lomwe tinakachitako oditi sinditchula dzina, ndi limodzi mwa mabungwe omwe si aboma, likulu ku Lilongwe ndi ma ofesi awiri m'maboma, ntchito yawo yambiri ndi ya kumidzi, maphunziro a alimi, misonkhano ndi mafumu, zoterozo. Ndalama za ntchito ngati izi zimatuluka ngati adivansi, ofisala wa kufilidi amapempha, amapatsidwa, akagwira ntchito amabwera kudzalikwideta ndi malisiti komanso chenji ngati yatsala. Manyuwo yawo ya zachuma ikunena momveka bwino kuti munthu alikwidete pasanathe masiku 14 ntchito itatha, kuti vocha iliyonse, pepala lovomereza kutulutsa ndalama, ikhale ndi lisiti lenileni osati fotokopi, komanso kuti amene sanalikwidete adivansi yakale asapatsidwe ina. Malipoti athu timalemba m'Chingerezi ngati mmene zilili m'maofesi ambiri kuno, koma pano mawu onse ndawaika m'Chichewa.

Tinkayang'ana miyezi ya Januwale mpaka Juni. Mavocha onse a nthawi imeneyo analipo 412, ife tinasankhapo 60 a ndalama zokwana K48.6 miliyoni, ndipo sitinasankhe mwamaere ayi, tinatola dala akuluakulu ndi amene ndalama zake zinatuluka za kashi, mfundo iyi muisunge ibweranso kutsogoloku. Titatsegula mafayilo tinapeza kuti angapo alibe malisiti, koma tsiku lomwelo sitinalembe kanthu. Tinapanga kaye mndandanda wa manambala a mavochawo n'kuutumiza pa imelo kwa manijala wa zachuma, tikuwapatsa masiku asanu ogwira ntchito kuti asake. Imelo ija ndiyofunika kwambiri, chifukwa ukangouza munthu pakamwa mu kolido, tsiku la miting'i adzakuuza kuti inu simunatifunse, mukanafunsa tikanakupatsani. Ena anapezekadi, anali mu kabati ina. Masiku asanu atatha anatsala mavocha 14, ndalama zake K6.24 miliyoni.

Mnzanga amene timagwira naye, wangoyamba kumene za oditi, ndi amene analemba dirafuti yoyamba ndipo inali motere: "Ndalama zokwana K6.24 miliyoni zasowa chifukwa cha kusasamala kwa ogwira ntchito, zomwe zikusonyeza kuti ndalama za bungwe zikugwiritsidwa ntchito molakwika. Mabwana awonetsetse kuti malisiti onse akusungidwa." Mtima wake ndikuumvetsa, koma m'ziganizo ziwirizi mulibe chimene tikanatha kuchiikira umboni kupatula nambala yokhayo. Sitinawone ndalama zikusowa, tinawona mavocha opanda malisiti, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Kuno kwathu chichitikire Kashigeti ya 2013, mawu oti ndalama zasowa akafika kwa a bodi kapena kwa opereka thandizo palibe amene amawerenganso ndime yachiwiri, mawa lake munthu wayimitsidwa ntchito, kenako lisiti lapezeka kuseri kwa dirowa, odita watsala ndi manyazi ndipo lipoti lonse anthu asiya kulikhulupirira, ngakhale zina zomwe zinali zoona. Zoti kusasamala nazonso panthawiyo kunali kungoganiza, tinali tisanafunse munthu aliyense kuti zinatheka bwanji.

Ndiye gawo la zomwe tapeza tinalilemba chonchi:

"Mwa mavocha 60 a ndalama zokwana K48.6 miliyoni omwe tinawunika a miyezi ya Januwale mpaka Juni, mavocha 14 a ndalama zokwana K6.24 miliyoni analibe malisiti owerengeka mu fayilo, ndipo malisitiwo sanaperekedwe kwa ife pofika tsiku lomwe tinagwirizana ndi ofesi ya zachuma. Mavocha asanu ndi a mafuta a galimoto (K2.15 miliyoni), anayi ndi a zakudya ndi holo pa maphunziro a kumidzi (K1.89 miliyoni), atatu ndi ma adivansi omwe sanalikwidetedwe ngakhale masiku 14 anadutsa (K1.6 miliyoni), ndipo awiri ndi a zogula za mu ofesi (K600,000). Mndandanda wonse uli kumapeto kwa lipotili. Izi zikusemphana ndi manyuwo ya zachuma yomwe ikufuna lisiti lenileni pa vocha iliyonse komanso kulikwideta pasanathe masiku 14."

Muona kuti mulibe dzina la munthu, mulibe mawu oti ambiri kapena ena mwa, muli nambala ya zomwe tinawona pa zingati, ndalama zingati pa zingati, nthawi yanji, ndi lamulo lomwe laphwanyidwa, ndipo mu lipoti lenileni tinaika nambala ya ndime ya manyuwoyo kuti wofuna kutsutsa akatsegule yekha. Mawu oti sanaperekedwe kwa ife pofika tsiku lakuti ndi amene amakuteteza malisiti akadzatulukira mochedwa, chifukwa chiganizocho chimakhalabe choona olo abweretse katoni yodzadza. Kugawa mavochawo m'magulu anayi nakonso sikunali kokongoletsa lipoti, kunatithandiza kuona kuti apa pali mavuto osiyanasiyana omwe angovala dzina limodzi.

Pa gwero la vuto ndi pomwe ndimafuna ndikhalitsepo, chifukwa malipoti ambiri omwe ndawerenga amafika apa n'kulemba kuti gwero lake ndi kusatsatira ndondomeko. Kumeneko ndi kubwereza zomwe wapeza kale ndi mawu ena, aliyense akudziwa kuti ndondomeko sinatsatidwe, funso ndi loti inalephereka chifukwa chani ndipo bwanji palibe anazindikira kwa miyezi isanu ndi umodzi. Miyezo yatsopano ya IIA, bungwe la padziko lonse la ma odita a m'kati mwa mabungwe, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025 nayo ikufuna kuti odita agwire ntchito ndi mabwana kupeza gwero lenileni pomwe zingatheke, osangolemba kuti chalakwika ndi chakuti. Ukalemba gwero lolakwika malangizo ako amakhalanso olakwika, zimakhala ngati kumwetsa panado munthu wa malungo, thupi lizizira pang'ono koma mawa wadwalanso.

Tinayamba ndi mafuta. Pa mavocha atatu mwa asanu aja pepala linalipo ndithu, lomenyedwa sitepula bwinobwino kuseri kwa vocha, koma loyera mbee, ukaliyika pa dzuwa umangoona chithunzithunzi cha mizere osawerengeka ngakhale nambala imodzi. Ndi malisiti a makina aja, pepala lake losalala lija limafufutika likamva kutentha, ndipo chibweretsere MRA makina a EFD mu 2014 malisiti otere ali paliponse. Dalaivala wina anatiwonetsa pomwe amawasunga, m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, sabata yonse ali kufilidi, galimoto ikukhala padzuwa, pofika ku ofesi lisiti layamba kale kuzilala ndipo miyezi itatu mu fayilo lathera pomwepo. Palibe amene anauzidwa kuti azijambula kapena kupanga fotokopi lisiti likangofika. Pa mavocha awiri enawo panalibe pepala lililonse.

Za zakudya nkhani yake inali ina. Ofisala wa kufilidi, mayi wachikulire amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, anatiyankha kuti, "Achimwene, maphunziro timachitira kumudzi, mandasi timagula kwa amayi a pompo, nkhuku kwa amfumu, holo ndi ya tchalitchi, ndiye lisiti ndikalitenge kwa ndani?" Ndipo amanena zoona. Manyuwo yawo inalembedwa ndi munthu amene m'mutu mwake munali mashopu a mtauni, ikufuna lisiti pa chilichonse koma sikunena chochita ngati wogulitsa alibe buku la malisiti. Lamulo likakhala losatheka kulitsatira anthu amachita ziwiri, ena amangosiya, ena amakagula kabuku ka malisiti ku shopu ya zolembera n'kumadzilembera okha, ndipo kwa ine wachiwiriyu ndi woopsa kuposa woyamba chifukwa fayilo yake imaoneka yaukhondo, odita wothamanga amangoika tiki n'kudutsa.

Koma chachikulu tinachipeza mu kompyuta ya akawunti. Adivansi ikatuluka, wothandizira akawuntanti amaipositi nthawi yomweyo ngati ndalama yomwe yagwiritsidwa kale ntchito, mwachitsanzo ku mzere wa maphunziro a alimi, m'malo moyiika kaye pa dzina la munthu amene watenga ngati ngongole yake kufikira atalikwideta. Tanthauzo lake ndi loti ndalama ikangotuluka mabuku amatseka nkhani, palibe paliponse pomwe manijala angatsegule n'kuona kuti uje ali ndi K700,000 ya mu Febuluwale yomwe sanabweretse mapepala. Lamulo loti osapereka adivansi ina kwa amene sanalikwidete linali m'buku mokha, wosayinira analibe poonera, ndipo anthu awiri mwa atatu aja anapatsidwadi ina. Titafunsa kuti bwanji amachita choncho, anati anazipeza zili choncho ndipo zimathandiza kuti lipoti la kwa opereka thandizo lizioneka kuti bajeti ikuyenda. Mavocha awiri a mu ofesi aja nkhani yake ndi yaifupi, malisiti anachotsedwa kukapanga sikani, palibe buku lolemba kuti fayilo yatuluka ndi ndani, sanabwezedwe.

Gawo la gwero linatuluka motere:

"Ma adivansi amalembedwa m'mabuku ngati ndalama zogwiritsidwa kale ntchito pa tsiku lomwe atuluka, choncho palibe mndandanda woonetsa amene sanalikwidete ndi masiku omwe adutsa, ndipo osayinira adivansi yatsopano alibe poonera. Manyuwo ya zachuma sikunena umboni womwe ungalowe m'malo mwa lisiti pogula kwa anthu omwe alibe malisiti. Palibe lamulo lojambula malisiti a makina asanafufutike, komanso palibe buku lolemba kutuluka ndi kubwerera kwa mafayilo."

Palibe pomwe talemba kuti anthu ndi osasamala kapena sadziwa ntchito, chilichonse chomwe chili apo ndi chinthu choti munthu akhoza kupita kukachiona ndi maso, ndipo manijala wa zachuma tinamuwerengera tisanatumize dirafuti, anavomera zonse kupatula kuti sanasangalale ndi chiganizo choyamba.

Pa zotsatira zake ndimasiyanitsa zomwe zachitika kale ndi zomwe zingachitike, chifukwa kusakaniza ziwirizi ndi komwe kumabweretsa mkangano wosafunika. Zomwe zinali zitachitika kale ndi zoti K6.24 miliyoni yonseyi inali italowa mu lipoti lomwe bungwe linatumiza kwa opereka thandizo ngati ndalama zogwiritsidwa ntchito. Zomwe zingachitike tinazitenga mu mgwirizano wawo weniweni, tinautsegula n'kupeza ndime yonena kuti ndalama yopanda umboni akhoza kuikana n'kuuza bungwe libweze, ndipo bungweli ndalama zakezake zosachokera kwa opereka thandizo ndi zochepa kwambiri moti kubweza kukanakhudza malipiro. Tinalemba kuti:

"Ndalama zokwana K6.24 miliyoni zinaikidwa mu lipoti la kwa opereka thandizo popanda umboni wokwanira mu fayilo, kuphatikizapo K1.6 miliyoni yomwe inali isanalikwidetedwe. Malinga ndi mgwirizano, opereka thandizo akhoza kukana ndalamazi n'kufuna kuti zibwezedwe. Popeza palibe mndandanda wa ma adivansi, ndalama yomwe sinagwire ntchito yake ikhoza kukhala nthawi yaitali osadziwika. Sitinathe kutsimikiza ngati katundu ndi ntchito za pa mavochawa zinalandiridwa, ndipo izi sizikutanthauza kuti sizinalandiridwe."

Mnzanga uja anafuna tiwonjezere kuti popeza K6.24 miliyoni ndi pafupifupi 13 peresenti ya zomwe tinawunika, ndiye kuti 13 peresenti ya ndalama zonse za miyezi isanu ndi umodzi ilibe malisiti. Nambala yotere imakoma mu lipoti ndipo a bodi amadzuka nayo, koma ndi yabodza, paja ndinati tinatola dala mavocha a kashi ndi akuluakulu omwe timawakayikira kale, ndiye sangaimire anzawo 352 omwe sitinawatsegule, ambiri mwa iwo ndi zolipira kudzera ku banki kwa makampani a ma invoisi abwinobwino. Tinangolemba kuti sampulo yathu sinali yamaere ndipo zotsatira zake zisachulukitsidwe. Nkhani ya mavochayi tinaiika pa mlingo wapamwamba wa chiopsezo, osati chifukwa cha kukula kwa ndalama, pa bajeti yawo K6 miliyoni si yoopsa, koma chifukwa chotchinga chomwe chimayenera kugwira vutoli kunalibeko n'komwe ndipo mabuku omwe amapita kunja anali olakwika.

Malangizo athu anangotsatira magwero aja limodzi limodzi, sindikhalitsapo. Adivansi izikhala pa dzina la munthu mpaka alikwidete ndipo mwezi uliwonse pazituluka mndandanda woonetsa masiku omwe adutsa, pakhale fomu yosayinitsa wogulitsa wa kumudzi yokhala ndi dzina, nambala ya foni, zomwe wagulitsa, siginecha kapena chidindo cha chala ndi mboni, malisiti a makina azijambulidwa tsiku lomwelo, mafayilo azilembedwa potuluka, ndipo mavocha 14 awa apezeredwe umboni kapena ndalama zibwezedwe.

Yankho loyamba la mabwana linabwera ndi envelopu yonenepa ya mapepala, ndipo mawu ake anali atatu okha tingoti: "Tamva. Malisiti apezeka ndipo ogwira ntchito akumbutsidwa. Tikupempha kuti nkhaniyi ichotsedwe mu lipoti." Pa miting'i yotsekera manijala wa zachuma anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "A odita, malisiti si awa tabweretsa, nanga nkhaniyi ikutsaliranji?" Ndinawayankha kuti bwana, mapepalawa tiwaona limodzi limodzi ndipo omwe ali bwino tilemba kuti ali bwino, nambala itsika, koma zoti pa tsiku loyang'ana munalibe malisiti mu fayilo zinachitika, ndipo chomwe chinachititsa chikadali pomwepo, mawa adivansi ikatuluka ipositidwa chimodzimodzi. Yankho loti akumbutsidwa ndimalikana nthawi zonse chifukwa palibe mwa magwero anayi aja omwe anali oti munthu anaiwala, mayi uja olo mumukumbutse kakhumi amayi a mandasi sakhala ndi lisiti.

Lisiti lobwera mochedwa timaliyang'ana ndi diso lina, chifukwa munthu wakhala ndi mndandanda wathu m'manja, akudziwa tsiku ndi ndalama zomwe zikufunika. Awiri a mu ofesi aja anali enieni, mabowo a sitepula amagwirizana ndi a pa vocha ndipo sikani yake inali mu kompyuta ndi deti yakale. Mafuta atatu ofufutika aja anabweretsa sitetimenti yochokera ku filing'i sitesheni yokhala ndi nambala ya galimoto, tsiku ndi malita, tinafananiza ndi logibuku zinagwirizana, tinavomera. Za zakudya anabweretsa mindandanda ya anthu omwe anabwera ku maphunziro ndi makalata osayinidwa ndi ogulitsa, tinaimbira mafoni ena mwa iwo patokha osadzera mwa ofisala, atatu anatsimikizika, koma imodzi ya K490,000 mndandanda wake unali wa anthu 25 pomwe chakudya chinalipiridwa cha anthu 60 ndipo palibe anafotokoza kusiyanako. Pa ma adivansi atatu mmodzi analikwideta bwinobwino, awiri a K1.1 miliyoni analibe chobweretsa.

Omwe anandiimitsa ndi malisiti awiri a mafuta a mavocha aja omwe analibe pepala lililonse, K850,000 onse pamodzi. Anali olemba pamanja, a kabuku, limodzi nambala 0417 lina 0418, koma madeti ake atalikirana masabata atatu, ndiye mufunse kuti filing'i sitesheni yanji imatha masabata atatu osalemba lisiti lina pakati. Cholembera chimodzi, dzanja limodzi, mapepala osapindika ngakhale pang'ono pomwe akuti anayenda nawo kufilidi. Lisiti lililonse likuonetsa kuthira kamodzi malita opitirira omwe thanki ya galimotoyo imalowa, ndipo mu logibuku tsiku limodzi mwa awiriwo galimoto inali pa ofesi osayenda. Apa mayesero amakhala akulu oti ulembe kuti malisiti ndi achinyengo, koma oditi wamba si kafukufuku wa mlandu, munthuyo sitinamumve mbali yake mwadongosolo, mwina mafuta ena anathira m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta ija, mwina anagula pena n'kudzapempha lisiti pena, zomwe ndi zolakwikabe koma si kuba. Mu lipoti tinangolemba zomwe zikuoneka, kuti malisiti awiriwa sitinawavomere chifukwa manambala ake ndi otsatizana pomwe madeti atalikirana masabata atatu, malita akuposa thanki, ndipo sakugwirizana ndi logibuku. Dzina la munthu ndi mafotokopi tinazipereka mu kalata yapadera kwa mkulu wa bungwe ndi wapampando wa komiti ya oditi kuti iwo aganize zofufuza, chifukwa lipoti limazungulira m'manja mwa anthu ambiri ndipo limatha kufika pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Nambala ya K6.24 miliyoni sitinaifufute, tinaisiya pomwe inali n'kuwonjezera chiganizo pansi pake: "Dirafuti itaperekedwa, mabwana anabweretsa umboni womwe tinauwunika ndi kuuvomera pa mavocha 9 a K3.8 miliyoni. Mavocha 5 a K2.44 miliyoni akadali opanda umboni wokwanira." Owerenga aone zonse ziwiri, mmene tinapezera ndi mmene zilili pano, izi ndi chilungamo kwa mabwana omwe anayesetsa kusaka komanso kwa a komiti omwe akuyenera kudziwa kuti mafayilo sanali bwino mpaka odita atafunsa.

Yankho la mabwana sindilemba ine, ndipo ndimakana akandiuza kuti ingolembani tisayine, chifukwa lonjezo lomwe munthu sanalembe yekha sadzalikumbukira. Chomwe ndinachita ndi kuwabwezera ndi mafunso oti pa langizo lililonse anene ngati akuvomera kapena ayi, achita chani, adzachita ndani potchula udindo, ndipo pofika liti. Lachiwiri linabwera motere:

"Tikuvomereza zomwe zapezeka. Kuyambira pa 1 Seputembala ma adivansi onse azilembedwa pa dzina la wotenga, ndipo akawuntanti azitulutsa mndandanda wake pofika pa 5 mwezi uliwonse kuti manijala wa zachuma asayine. Fomu ya ogulitsa a kumudzi ndi lamulo lojambula malisiti zidzaperekedwa ku bodi ndi manijala wa zachuma pa msonkhano wa mu Okutobala, koma tiyamba kuzigwiritsa ntchito pompano. Buku la mafayilo layamba kale. Pa K2.44 miliyoni, ogwira ntchito okhudzidwa apatsidwa mpaka pa 30 Seputembala kubweretsa umboni, apo ayi ofesi yoona za ogwira ntchito ipangana nawo molemba za kabwezedwe. Mkulu wa bungwe alembera opereka thandizo za kukonzedwa kwa lipoti pofika pa 15 Seputembala. Sitikuvomereza kuti munthu amene sanalikwidete asapatsidwe adivansi ina nthawi zonse, chifukwa m'nyengo yodzala ntchito zimatsatizana ndipo ofisala amatha masabata atatu asanabwere ku ofesi. Zikatero mkulu wa bungwe azivomereza molemba."

Chiganizo chokana chija ena akanafuna chichoke kuti lipoti lioneke kuti tonse tagwirizana, ine ndinachisiya mmene chilili ndipo ndinasangalala nacho kuposa ma tavomera khumi, chifukwa chikuonetsa kuti munthu wawerenga n'kuganiza mmene ntchito yake imayendera. Chifukwa chawo ndi chomveka, mvula siyembekeza likwidesheni. Koma lamulo akulikanalo si langa, lili mu manyuwo yawo yomwe, ndiye pansi pa yankho lawo tinaika ndemanga ya odita yaifupi yonena kuti tikuvomereza njira imeneyi pokhapokha manyuwo isinthidwe kuti inene zimenezo, pakhale malire a ma adivansi awiri pa munthu mmodzi, ndipo zilolezo zapadera zonse zizioneka pa mndandanda wa mwezi ndi mwezi kuti komiti ya oditi izitha kuziwerenga. Akanakana langizo lonse popanda njira ina, ndipo ine n'kuona kuti chiopsezo chomwe akuchilandira ndi chachikulu, nkhaniyo ikanapita kwa a komiti kuti agamule iwo, odita salamula manijala chochita. Za kudula pa malipiro tinawakumbutsanso kuti zikhale ndi pangano losayinidwa ndi mwini wake ndipo zitsatire malamulo a ntchito, si zongouza wa malipiro kuti mwezi uno uje asalandire.

Titabwerera kudzaona kumapeto kwa chaka sitinafunse kuti mwachita, tinapempha mindandanda ya ma adivansi ya miyezi itatu yosayinidwa, tinatola ma adivansi atsopano khumi n'kuwatsatira mu kompyuta kuona kuti akhaladi pa mayina a anthu, tinaona kalata yopita kwa opereka thandizo ndi ma miniti a bodi. Zinali bwino kupatula ziwiri. Fomu ya kumudzi ija ofesi ina ya kuboma inayamba kuigwiritsa ntchito ngakhale pogula sitesheonale m'shopu ya pa boma yomwe ili ndi makina a malisiti, ndiye tinalemba kuti manyuwo inene malire a ndalama ndi mtundu wa ogulitsa omwe fomuyo ikuloledwa. Ndipo pa K2.44 miliyoni ija, K1.1 miliyoni ya ma adivansi inali ikubwezedwa pang'onopang'ono, K490,000 inabwezedwa yonse, pomwe ya mafuta inali ikudikira komiti ya mwambo. Mu tebulo yathu yotsatira malonjezo, mizere ya mndandanda, buku la mafayilo ndi kalata tinaitseka, ya fomu ndi ya kubweza ndalama tinaisiya yotsegula ndi deti yatsopano ya pa 31 Malichi.